Maweji a mbatata mu uvuni kapena m'mafuta: kadulidwe, moto ndi nthawi yake

Maweji a mbatata, zidutswa zodula m'litali zonenepa kumsana koma zowonda mbali inayo, akamavuta, kawirikawiri vuto limakhala litayambira pa thabwa lodulira, musanayatse n'komwe moto. Anthu ambiri amafunsa kuti ndiike madigiri angati, kwa mphindi zingati, koma funso limeneli silingayankhike bwino ngati sitinadziwe kaye kuti zidutswazo n'zonenepa bwanji. Moto womwe umapsetsa bwino weji ya masentimita 2 ndi womwewo umene umasandutsa makala weji ya sentimita imodzi, komanso ndi womwewo umene umasiya weji ya masentimita 3 ili gwaa mkati pamene kunja yada kale. Ndiye tiyambira pa mpeni, kenako uvuni, kenako mafuta, ndipo ndigwiritsa ntchito mbatata zitatu zolemera pafupifupi kilogalamu imodzi zonse pamodzi kuti muziona manambala ake enieni.

Choyamba muyenera kudziwa kuti mbatata si kachewere, olo zimadulidwa mofanana. Mbatata ili ndi shuga wambiri kale isanaphikidwe, ndiye ikayamba kutentha, mkati mwake mukafika madigiri apakati pa 60 ndi 75, sitachi ina imasandukanso shuga. N'chifukwa chake mbatata yowotcha imatsekemera kuposa yaiwisi. Koma shuga ameneyu ndi amenenso amapangitsa kuti kunja kufiire msanga ndipo mukangochedwa pang'ono kumapserera n'kuyamba kuwawa. Komanso mbatata siuma kunja ngati kachewere, makamaka ija yofiira mkati ngati karoti yomwe imakhala ndi madzi ambiri ndipo imafewa kwambiri ikapsa. Yoyera mkati kapena yachikasu nthawi zambiri imakhala youma, yaufa, ndipo imagwirana bwino. Zonse ziwiri zimatheka, kungoti musayembekezere kuti yofiirayo ikukutika ngati tchipisi cha kachewere, ayi, mudzangokhumudwa pachabe. Chomwe tikufuna ndi weji yoti m'mbali mwake mwauma ndi kufiira, mukainyamula siikupindika, koma mkati ndi yofewa mpaka pakati.

Posankha mbatata, tengani zowongoka komanso zofanana kukula. Ya masentimita 15 kapena 16 m'litali ndi 5 kapena 6 m'mimba mwake ndiye yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Zija zokhotakhota kapena zazikulu mutu umodzi n'kuwonda kwinaku zimatulutsa maweji osafanana ndipo ena amapsa anzawo asanayambe. Tsukani bwino ndi burashi kapena kansalu kokhakhala kuti dothi lonse lichoke, chotsani malo ofumbwa ndi akuda, koma khungu lisiyeni. Ine khungu sindichotsa chifukwa ndi limene limagwira weji kuti isaphwanyike potembenuza, ndipo likawotcheka limakoma. Ngati simulikonda sendani, koma muzitembenuza mosamala kwambiri.

Kadulidwe

Mbatata yaiwisi ndi yolimba ndipo imagubuduka, ndiye mpeni ukhale waukulu komanso wakuthwa, mpeni wobuntha ndi umene umaterereka n'kucheka chala. Pansi pa thabwa ikanipo kansalu konyowa kuti lisamayende. Dulani nsonga zonse ziwiri, pafupifupi sentimita imodzi kapena kuposerapo ngati nsongazo ndi zowonda kwambiri, chifukwa tinsonga timeneti ndi timene timayamba kupserera. Kenako ing'ambeni pakati m'litali. Theka lililonse ligonekeni chafufumimba, mbali yodulayo ili pansi kuti likhazikike, n'kulidulanso pakati m'litali. Apa muli ndi zidutswa zinayi. Chilichonse chitembenuzeni khungu likhale pansi, ndipo chiduleni pakati kuyambira pa msonga yakuthwa ija kutsikira ku khungu. Mbatata imodzi yatulutsa maweji 8, zitatu zija zatulutsa 24.

Tsopano yezani. Kunenepa kwa weji timayeza kumsana, kumene kuli khungu, pakatikati pomwe ndi potakata kwambiri. Tikufuna masentimita 2 mpaka 2 ndi theka, kapena tinene kutakata kwa chala chachikulu cha munthu wamkulu. Mbatata ya masentimita 5 kapena 6 m'mimba mukaidula kasanu ndi katatu imagwera pomwepo yokha. Koma ngati ndi yaikulu, ya masentimita 8 mwachitsanzo, maweji 8 amakhala ndi msana wopitirira masentimita 3, ndiye theka lililonse mulidule zidutswa 6 kuti mbatatayo itulutse 12. Ikakhala yaying'ono yowonda, zidutswa 6 kapena 4 zakwana. Musamangowerenga kuti ndadula kangati, muziyang'ana msana. Ngati mbatata ndi yaitali kupitirira masentimita 20, yambani mwaidula pakati chopingasa, maweji ataliatali amathyoka ndipo salowa bwino mupoto.

Chifukwa chomwe ndikukakamira masentimita 2 ndi chakuti kutentha kumalowa m'chakudya pang'onopang'ono kuchokera kunja, ndipo mukawonjezera kunenepa kawiri nthawi yoti pakati papse siwonjezeka kawiri kokha, imawonjezeka kuposa pamenepo. Pamene mukudikira pakati pa weji yonenepa kuti pafewe, shuga wa kunja uja akupitirizabe kuda. Weji yowonda nayo ili ndi vuto lake, mbali yakuthwa ija imakhala yopyapyala ngati pepala ndipo imauma n'kupserera thupi lisanafiire. Pa masentimita 2 zinthu ziwirizi zimakumana, mkati mumafewa nthawi yomweyo imene kunja kwafiira.

Mukatha kudula ena amaviika maweji m'madzi ozizira kwa mphindi 30. Zimathandiza kutsuka sitachi ya pamwamba komanso mbatata yoyera siida mukachedwa kuphika, koma kunena zoona pa mbatata kusiyana kwake si kwakukulu ngati pa kachewere, ndiye ngati muli pa changu dumphani. Chomwe simungadumphe ndi kupukuta. Kaya munaviika kaya munangotsuka, yalani maweji pa nsalu yoyera, pukutani iliyonse mpaka mukaigwira chala chisanyowe. Madzi otsalira pamwamba mu uvuni amasanduka nthunzi n'kufewetsa kunja, m'mafuta amathetheka n'kukuwotchani manja.

Mu uvuni

Yatsani uvuni musanayambe n'komwe kudula, pa madigiri 220. Ngati uvuni wanu uli ndi fani ikani 200, chifukwa mphepo ya faniyo imapsetsa mwachangu. Ma uvuni ena amalemba 425°F, ndi chimodzimodzi, ndipo pa wa gasi wokhala ndi manambala ndi nambala 7. Upatseni mphindi 15 mpaka 20 kuti utenthe zenizeni. Kagetsi kaja kakazima sikuti zitsulo zonse zamkati zatentha, kamangouza kuti mpweya wafika, ndiye kudikirako pang'ono kumathandiza. Thireyi ilowetseni momwemo izitenthera limodzi. Weji ikagwera pa chitsulo chotentha imayamba kuuma pansi pompo ndipo siimata kwambiri.

Pamene uvuni ukutentha, ikani maweji 24 aja m'beseni lalikulu. Ngati mukufuna kunja kuume kwambiri, wazani supuni yaikulu imodzi ya konifulawa, ufa wosalala wa sitachi ya chimanga, musanathire mafuta, n'kuwatakasa ndi manja mpaka ufawo usaonekenso bwinobwino, ungotsala kambuu pang'ono. Supuni imodzi pa kilogalamu yakwana, mukachulutsa mumapeza timabuluni toyera ta ufa wosapsa tomwe timamveka mkamwa. Kenako thirani masupuni aakulu awiri a mafuta, kapena awiri ndi theka ngati mwaika konifulawa poti amamwa mafuta. Pakani ndi manja weji iliyonse mbali zonse. Iziwala koma pansi pa beseni pasatsale dziwe la mafuta. Mafuta ochepa amasiya malo ouma otuwa olimba ngati chikopa, ochuluka amapangitsa maweji kulobodoka. Gwiritsani mafuta opirira moto, monga a mpendadzuwa, a mtedza kapena a kanola. Batala ayi, amapserera pa moto umenewu.

Za zokometsera, tsabola wakuda ndi paprika pang'ono, tiyisupuni imodzi, zimapirira. Adyo wamuwisi wosinja musamuike poyamba, pa madigiri 220 amada m'mphindi zochepa ndipo amawawitsa thireyi yonse, bola adyo waufa, kapena wamuwisiyo mumusakanize ndi timafuta n'kupaka kwatsala mphindi 5. Uchi kapena shuga musawonjezere, mbatata ili naye wokwanira ndipo mungofulumizitsa kupserera. Mchere umakoka madzi kuchokera mkati, ndiye mukathira n'kuwasiya m'beseni kwa mphindi 20 mudzapeza anyowanso. Thirani pomwe mukulowetsa mu uvuni kapena akangotuluka adakali otentha. Ine ndimathira akatuluka, theka la tiyisupuni kapena kuposerapo pang'ono, wosalala kuti umate.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Maweji 24 sakwana pa thireyi imodzi ya masentimita 30 ndi 40, olo akuoneka ngati akwana mukawapanikiza. Mbatata ikamapsa imatulutsa nthunzi yambiri, ndiye maweji akagundana nthunziyo imasowa kothawira, imakhala pakati pawo ndipo m'malo mowotcheka amangofutsika, amatuluka ofewa, otumbuluka, ena ataphatikana. Ikani 12 pa thireyi, pakati pa weji ndi inzake pazitha kulowa chala. Iliyonse igone pa mbali yodula, osati pa khungu, kuti thupi lake likhudze chitsulo. Ngati muli ndi mathireyi awiri, ina pamwamba ina pansi, ndipo muzisinthanitse potembenuza. Ngati muli ndi imodzi, phikani maulendo awiri, zimatenga nthawi inde koma zotsatira zake n'zosiyana kutali.

Lowetsani thireyi pa shelefu ya pakati kapena yotsikirako pang'ono, tsekani chitseko, ndipo kwa mphindi 18 musatsegule. Nthawi iliyonse mukatsegula kutentha kumatuluka ndi kutsika kwambiri, uvuni n'kuyambanso kuvutika kuti ubwerere. Zikakwana mphindi 18 tulutsani thireyi yonse, tsekani chitseko msanga, n'kuyesa weji imodzi ndi chotembenuzira chopyapyala chachitsulo. Ngati ikunyamuka yokha ndipo pansi pake pali mizere yofiira yakuderako, nthawi yakwana, tembenuzani iliyonse igonere mbali ina yodula ija. Ngati ikukana, yamata, musaikakamize chifukwa kachikhokho kamene kakupangika katsalira pa thireyi inu n'kunyamula phala. Bwezerani mphindi 3 zina, ikauma pansi imadzimasula yokha.

Mbali yachiwiri imafuna mphindi 12 mpaka 15, ndipo kuyambira pa mphindi ya 10 muzisuzumira pagalasi, chifukwa kumapeto kuno zinthu zimathamanga, weji yomwe inali yofiira bwino itha kuda nsonga m'mphindi ziwiri zokha. Zonse pamodzi ndi mphindi 30 mpaka 33. Kuti mudziwe kuti apsa, bayani weji yonenepa kuposa onse ndi nsonga ya mpeni pafupi ndi khungu, pamenepo ndi pomalizira kupsa. Mpeni uzilowa osakumana ndi kalikonse kolimba. M'mbali mukhale mofiira moderako, tinsonga tingade pang'ono palibe vuto, koma thupi lonse lisachite bii, chakudya cha sitachi chopserera sichikoma komanso si chabwino kudya kawirikawiri.

Akatuluka musawaunjike m'mbale nthawi yomweyo, ndipo musavindikire. Asiyeni mphindi 5 pa waya woziziritsira makeke kapena pathireyi pomwepo. Pa mphindi zimenezi nthunzi imachoka ndipo kunja kumalimba, mudzaona kuti weji yomwe inali yofewa potuluka yagwirana. Ena amazimitsa uvuni n'kuwasiya momwemo chitseko chili chotsekula pang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10, nazonso zimaumitsa bwino bola akhale kuti sanade kale.

Nanga ngati mwadula mosiyana ndi masentimita 2? Maweji onenepa a masentimita 3 tsitsani moto ufike 200, kapena 180 ndi fani, muwapatse mphindi 40 mpaka 45, kutembenuza pa mphindi 25, ndipo ngati sanafiire kwezani ku 220 mphindi 5 zomaliza. Owonda a sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka amapsa m'mphindi 20 mpaka 25 pa 220, kutembenuza pa 12, koma awa ndi ofunika kuwayang'anira kwambiri. Ndipo ngati mwatsatira zonse koma pa mphindi 20 ada kale mkati muli mwauwisi, kapena pa mphindi 35 akadali otumbuluka, ndiye kuti uvuni wanu umanama, zomwe zimachitika ndi ma uvuni ambiri. Kathemomita koika mkati kamathetsa mkangano umenewu, apo ayi ulendo wina sinthani ndi madigiri 15 kapena 20 mpaka mutaudziwa. Onaninso ngati mbali imodzi ya thireyi ikufiira kuposa ina, kawirikawiri ya kumbuyo, ndipo potembenuza maweji muzizungulizanso thireyiyo.

M'mafuta

Mafuta amapereka kutentha mwamphamvu kwambiri kuposa mpweya wa mu uvuni, n'chifukwa chake madigiri 180 a mafuta amafiiritsa m'mphindi zitatu pomwe 220 a uvuni amafuna theka la ola. Pa tchipisi chowonda zimenezi n'zabwino. Pa weji ya masentimita 2 ndi msampha. Mukaiponya yaiwisi m'mafuta a 180, pofika mphindi 4 kapena 5 kunja kwada kale, mukailuma pakati pali gwa. Mukati mutsitse moto kuti ipse pang'onopang'ono ulendo umodzi, imapsa inde koma imatuluka yolemera ndi mafuta, yolobodoka. Ndiye weji yokazinga imafuna magawo awiri, loyamba lopsetsa mkati, lachiwiri loumitsa kunja. Ndipo pokazinga ndi bwino kudula mowondako pang'ono, sentimita imodzi ndi theka mpaka 2, osapitirira apo.

Tengani poto wakuya wolemera pansi, chifukwa wopyapyala amatentha ndi kuzizira mosinthasintha. Thirani mafuta akuya masentimita 6 kapena 7, pa poto wapakati ndi lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Mafuta asapitirire theka la poto, chonde, chifukwa mukaikamo mbatata amatumphuka ndi thovu ndipo akasefukira pamoto ndi ngozi. Chivindikiro chikhale pafupi. Mafuta akagwira moto zimitsani chitofu n'kuvindikira poto, osathira madzi ngakhale pang'ono, madzi amapangitsa moto kuphulika m'mwamba. Ana asayandikire ndipo chogwirira cha poto chiloze mkati.

Gawo loyamba ndi madigiri 150. Ngati mulibe themomita, viikani nsonga ya mthiko wouma, pa kutentha kumeneku timathovu ting'onoting'ono timatuluka pang'onopang'ono mozungulira mtengowo, mwaulesi. Ikani maweji 8 okha pa ulendo, ndiye kuti 24 aja ndi maulendo atatu. Atsitseni ndi chipande chabowobowo, osawaponya. Mukaika ambiri nthawi imodzi mafuta amazizira kwambiri ndipo amachedwa kubwerera. Akazingeni mphindi 6 mpaka 7, mukuwasuntha pang'ono kuti asamate pansi. Pa gawo limeneli sitikufuna mtundu, atuluke otumbuluka koma mpeni uzilowa mosavuta. Mukaona ayamba kufiira pa mphindi 3 ndiye kuti mafuta atentha mopitirira, tsitsani moto. Avuuleni mosamala poti ndi ofewa, ayaleni pa waya osagundana, n'kuwasiya mphindi 10 mpaka 15 kapena kuposerapo. Kupumaku si kutaya nthawi, nthunzi ikuchoka, pamwamba pakuuma ndipo kutentha kotsalira kukumalizitsa pakati. Mutha kupanga gawo ili m'mawa, n'kuwaika mufiriji akazizira, n'kudzamaliza madzulo.

Gawo lachiwiri kwezani mafuta afike 180. Pa mthiko thovu limatuluka mwachangu tsopano, ndipo kachidutswa ka buledi kamafiira pafupifupi m'mphindi imodzi. Kakada m'masekondi 20 kapena mafuta akayamba kufuka utsi, apitirira, chotsani poto pamoto adikire. Bwezerani maweji 8 pa ulendo kwa mphindi 2 mpaka 3 basi. Muzimvetsera, poyamba phokoso limakhala lalikulu, kenako thovu limachepa ndipo m'mbali mumafiira. Avuuleni akadali ofiira mowala, musadikire kuti afike mtundu womwe mukufuna ali m'mafuta, chifukwa akatuluka amapitiriza kudera pang'ono. Ayikeni pa waya kapena pa pepala lomwa mafuta kwa kanthawi kochepa, thirani mchere pompo, ndipo dikirani mafuta abwerere pa 180 musanaike ena. Pakati pa maulendo vuulani tinyenyeswa totsalira, shuga wa mbatata amatipsereza msanga ndipo timadetsa mafuta n'kuwawitsa maweji otsatira.

Pali njira ina kwa amene sakufuna kukazinga kawiri, yomwe ndi kuyamba mwawiritsa. Ikani maweji m'madzi owira amchere kwa mphindi 4 mpaka 5, osapitirira, nsonga ya mpeni izilowa kunja koma pakati pakhale polimbabe. Mbatata imachoka pa kulimba n'kufika pa phala mwachangu kwambiri, ndiye imani pomwepo ndi wotchi. Khuthulirani musefa, ayaleni pa waya aume ndi nthunzi yawo yomwe kwa mphindi 10 mpaka pamwamba pataoneka pouma potuwa. Apa mutha kuwaza konifulawa pang'ono n'kukutumula wotsala. Kenako kazingani kamodzi pa 175 kwa mphindi 4 mpaka 5. Maweji owiritsa chonchi amathekanso ndi mafuta ochepa mu fulayipani, akuya sentimita imodzi, moto wapakati, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse yodula ndi mphindi imodzi ya kumsana. Aiwisi mu mafuta ochepa chonchi sizitheka, amapserera pansi pakati asanayambe n'komwe kufewa.

Ndiye tisankhe iti?

Kukoma kwake n'kosiyana ndipo chifukwa chake ndi nthawi ija. Mu uvuni mbatata imatentha pang'onopang'ono, imakhalitsa pa madigiri aja omwe sitachi imasanduka shuga, komanso madzi ambiri amauma, ndiye imatuluka yotsekemera kwambiri, yonunkhira, m'mbali muli kachikhokho kotafunika. Yokazinga imadutsa mofulumira, sitsekemera kwambiri chotero, koma kunja kumauma mofanana mbali zonse ndipo imakukutika kuposa ya mu uvuni. Vuto lake kukukutikako sikukhalitsa, pakatha mphindi 10 kapena 15 chinyezi cha mkati chimatulukira kunja n'kufewetsa, makamaka pa mbatata yofiira ija. Ya mu uvuni imapirira kudikira patebulo ndipo olo itazizirako imakomabe.

Pa ntchito ndi mafuta, kilogalamu ya mu uvuni yadya masupuni awiri, yatenga mphindi pafupifupi 35 ngati muli ndi mathireyi awiri, ndipo nthawi yambiri manja anu ali omasuka. Yokazinga kawiri ikufuna lita ndi theka mupoto, olo ambiri amatsala oti mungasefe n'kugwiritsanso ntchito, maulendo 6 onse pamodzi, pafupifupi ola lathunthu mutaima pachitofu. Kwa ine maweji onenepa ndi a uvuni, mawonekedwe akewo amagwirizana ndi kutentha kolowa pang'onopang'ono, ndipo pa mbatata yofiira yamadzimadzi ija ndiye sindikayika n'komwe. Ndimakazinga ndikakhala ndi mbatata yoyera youma, anthu ali pafupi oti adya pompo, ndipo pamenepo ndimadula mowondako.

Otsala asungeni mufiriji akazizira, m'kontena yotseka, kwa masiku atatu. Potenthetsa musagwiritse maikulowevu, amangowafewetsa. Ayaleni pa thireyi osagundana, kaya anali a mu uvuni kaya okazinga, n'kuwalowetsa mu uvuni wotentha kale pa 200 kwa mphindi 8 mpaka 10, osawonjezera mafuta, kutembenuza kamodzi pakati pake.